Kuona Maso a Nkhono: Mmene Chigamulo cha Khoti Chimawerengedwera

Madzulo a Lamulungu pa 26 Ogasiti 1928, Mayi May Donoghue a ku Glasgow anapita kukacheza ndi mnzawo m'tauni ya Paisley ku Scotland. Awiriwa analowa m'katiyirumu kotchedwa Wellmeadow, ndipo mnzawoyo anawagulira ayisikilimu ndi botolo la chakumwa cha jinja. Botololo linali lakuda, losaonekera m'kati, komanso lotseka kuchokera kufakitale. Mwini tiyirumu anathira china mwa chakumwacho m'tambula, mayiwo n'kumwa. Mnzawo uja atati athire chotsalacho, m'botolomo munatuluka nkhono yovunda. Umu ndi mmene Mayi Donoghue anafotokozera. Anati pambuyo pake anadwala m'mimba komanso anasokonezeka maganizo, ndipo anasumira David Stevenson, mwini fakitale ya chakumwacho, kuti awapatse mapaundi 500 a chipukutamisozi.

Mlanduwu unakwera mpaka ku Nyumba ya Malodi ku London, yomwe pa nthawiyo inali khoti lomaliza la apilo, ndipo chigamulo chinaperekedwa pa 26 Meyi 1932. Lero aliyense wophunzira malamulo ku Zomba, ku Lusaka kapena ku London amakumana nacho m'chaka choyamba kapena chachiwiri. Nkhani ya nkhonoyi amaidziwa onse. Koma mukawafunsa kuti khotilo linakhazikitsa lamulo lotani kwenikweni, mumva mayankho atatu kapena anayi osiyana, ndipo aliyense akulozerani tsamba lake m'buku limodzi lomwelo.

Vuto ndi lakuti majaji salemba mzere kunsi kwa mfundo imene ikhale lamulo. Chigamulo chimabwera ngati mtolo wa nkhuni: muli zouma, zaziwisi, ndi luzi lomangira. Ntchito ya wowerenga ndi kumasula mtolowo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo palibe mlandu umene mwambiwu umaukhala bwino kuposa uwu.

Zimene zili pamwamba si za jaji

Chigamulochi chimapezeka m'mabuku a malipoti a milandu, ndipo pochifufuza pa kompyuta mumalemba `[1932] AC 562`. Nambala yoyambayo ndi chaka, zilembo ziwirizo ndi dzina la mabuku a milandu ya apilo, ndipo 562 ndi tsamba limene lipoti likuyambira. Lipotili ndi la masamba pafupifupi 60.

Pamwamba penipeni pali mayina a okangana, ndipo pambali pa dzina la mayiwo pali liwu losonyeza kuti anali mmphawi. Analumbira kuti alibe chuma, choncho analoledwa kuchita apilo popanda kupereka chikole cha ndalama za mlandu. Kenako pamabwera mayina a majaji ndi masiku, ndiyeno kandime kachidule kamene ophunzira amati hedinoti.

Hedinoti ndiyo msampha woyamba, chifukwa ndi yaifupi, yomveka, ndipo imaoneka ngati yankho lokonzeka kale. Koma woilemba si jaji. Amailemba ndi loya wolembedwa ntchito ndi osindikiza mabukuwo, amene wawerenga chigamulo chonse n'kunena mwachidule zimene iye wamva. Kawirikawiri amamva bwino. Komabe ndi munthu mmodzi wolemba nthawi imene chigamulocho chidakali chachiwisi, asanaone kumene chidzafike.

Hedinoti ya mlandu wa Donoghue imanena za wopanga chakudya, mankhwala kapena zinthu zonga zimenezo. Imati ngati wagulitsa katundu wake m'njira yakuti wogulitsa m'sitolo kapena wogula sangathe kuona chilema chake, ali ndi udindo wosamala kuti katunduyo asavulaze thanzi la womudya. Tsegulani tsopano tsamba 599, pamene Jaji Atkin akumanga mawu ake. Iye sakutchula chakudya kapena mankhwala. Akunena za wopanga katundu, basi. Ndipo sakunena za thanzi lokha, akunena za moyo wa munthu kapena chuma chake. Wolemba hedinoti anachepetsa mfundoyo kuti ifanane ndi botolo limene linali patsogolo pake. Amene wangowerenga chidulecho akhoza kutuluka ndi maganizo akuti wopanga matayala kapena mbaula lamuloli silimukhudza.

Ku Amereka kuli chitsanzo choopsa kuposa ichi. Mu 1886, pa mlandu wa msonkho pakati pa boma la dera la Santa Clara ndi kampani ya njanji ya Southern Pacific, wolemba malipoti a Khoti la Suprimu anaika m'chidule chake mfundo yakuti makampani amatetezedwa ndi malamulo oyendetsera dziko monga mmene anthu amatetezedwera. Mawu otere ananenedwa ndi mkulu wa majaji pakamwa chabe, maloya asanayambe kutsutsana. Chigamulo cholembedwa chinathetsa mlanduwo pa nkhani ina, ya kawerengedwe ka msonkho wa mipanda ya m'mbali mwa njanji. Komabe milandu yambiri ya pambuyo pake inatchula mlanduwu ngati gwero la mfundo ija. Mpaka lero zidule za khoti limeneli zimakhala ndi chenjezo lakuti si mbali ya chigamulo.

Sindikunena kuti hedinoti muziidumpha. Iwerengeni poyamba, monga momwe mumafunsira njira kwa munthu wa pamsika musanalowe m'mudzi wachilendo. Ikuuzani amene anapambana ndi majaji amene anatsutsa. Mukamaliza chigamulo chonse mubwererenso n'kuona ngati ikugwirizana ndi zimene mwapeza nokha. Pa mayeso kapena pamaso pa jaji, chimene mumatchula ndi tsamba la mawu a jaji.

Pambuyo pa hedinoti pamabwera mfundo za maloya a mbali zonse ziwiri. Zimalembedwa mwamphamvu ngati kuti ndi lamulo, ndipo wowerenga mothamanga akhoza kukopera chiganizo cha loya amene anagonja n'kumati ndi mawu a khoti.

Khoti linafunsidwa chiyani?

Musanalowe m'mawu a majaji, pezani funso limene anafunsidwa. Khoti la apilo silimva nkhani yonse kuyambira pachiyambi. Limayankha funso limene lafika patebulo pake, ndipo lamulo lotuluka mu mlandu silingakule kuposa zimene zinafunika poyankha funsolo.

Apa ndi pamene ambiri amadabwa. Nyumba ya Malodi sinafunsidwe ngati m'botolo munalidi nkhono. Palibe mboni imene inaimirira. Maloya a Stevenson anati: tiyeni tingoyerekeza kuti zonse zimene mayiwa akunena ndi zoona, ngakhale zili choncho alibe mlandu ndi ife, chifukwa sanagule kanthu kwa ife. Ndipo zinalidi zoona kuti Mayi Donoghue analibe mgwirizano wa malonda ndi wina aliyense. Ndalama anapereka ndi mnzawo, ndipo anazipereka kwa mwini tiyirumu, osati kufakitale. Maganizo a maloya ambiri pa nthawiyo anali akuti wopanga katundu amayankha kwa amene anachita naye malonda yekha, kupatula ngati katunduyo ndi woopsa mwachibadwa, monga poizoni, kapena ngati ankadziwa chilemacho n'kubisa.

Jaji woyamba ku Edinburgh, Moncrieff, anati mlanduwo upitirire. Khoti la apilo la ku Scotland linakana, potsatira chigamulo chake cha mu 1929 pa mlandu wa Mullen, umene unali wa mbewa yopezeka m'botolo la chakumwa cha jinja chomwechi koma cha kampani ina. Loya wa Mayi Donoghue, Walter Leechman, ndi yemwe anagonja pa mlandu wa mbewawo, ndipo zikuoneka kuti sanagone nazo tulo. Choncho funso lofika ku London linali limodzi: ngati zimene mayiwa akunena zitatsimikizika, kodi malamulo amawapatsa njira yosumira wopanga chakumwa amene sanachite naye malonda?

Werengani majaji, osati masamba

Mlanduwu unamvedwa ndi majaji asanu, ndipo aliyense analemba zake. Woyamba m'lipotimu ndi Jaji Buckmaster, chifukwa ndiye anali wamkulu pa onse. Mawu ake ndi aatali, akuthwa, odzaza ndi milandu yakale. Akutsamira pa mlandu wa Winterbottom wa mu 1842, pamene woyendetsa ngolo ya makalata anavulala ngolo itathyoka koma analephera kusumira amene anali ndi kontrakiti yoisamalira. Akuchenjeza kuti mukatsegula khomo limeneli simudzalitsekanso, ndipo womanga nyumba adzayamba kuyankha kwa aliyense amene denga lidzamugwere. Wophunzira wotopa, amene wayamba kuwerenga usiku magetsi atabwera mochedwa, akhoza kulemba masamba awiri a manotsi kuchokera kwa Buckmaster asanazindikire kuti ameneyu anagonja.

Majaji Buckmaster ndi Tomlin anati apilo ikanidwe. Atkin, Thankerton ndi Macmillan anati ivomerezedwe. Atatu kwa awiri. Njira yosavuta ndi kuyamba mwayang'ana chiganizo chomaliza cha jaji aliyense, chifukwa pamenepo ndi pamene amanena ngati akuvomera apilo kapena ayi. Mukadziwa mbali ya aliyense, mfundo yomanga muifunefune kwa opambana okha. Mawu a otsutsa samanga khoti lililonse. Phindu lawo ndi lina: amakuonetsani pamene panali mkangano weniweni. Buckmaster akaopa za womanga nyumba, akukuuzani kuti iye anaona kuti mfundo ya anzakewo singathere pa chakudya.

Ndime yotchuka ndi ndime yogwira ntchito

Tafika pa phata la nkhani. Mfundo imene imamanga makhoti ena maloya amaitchula ndi mawu a Chilatini, reshiyo desidendai, kapena mwachidule reshiyo, kutanthauza chifukwa chimene chinagamula mlandu. Zina zonse zimene jaji wanena za malamulo koma zosafunika kuti afike pa chigamulocho amati obita, mawu onena mongodutsa. Obita akhoza kukhala wanzeru kwambiri, ndipo khoti lina likhoza kumutsatira mwa kufuna kwake, koma silikakamizidwa.

Aliyense amene anakhalapo pabwalo la mfumu amakudziwa kusiyana kumeneku, ngakhale sanamvepo Chilatini. Pa mlandu wa mbuzi zodya chimanga cha eni, mfumu imatha kulankhula za ulemu, za ana a masiku ano, za mmene makolo ankakhalira. Koma chimene chagamula mlandu ndi chakuti nthawi ya dzinja mbuzi zimamangidwa, ndipo uyu sanamange zake. Chaka chamawa wina akabwera ndi mlandu wofanana, anthu adzakumbutsa mfumu mfundo ya chingweyo, osati malangizo aja.

M'mawu a Jaji Atkin muli ndime ziwiri zimene zimalimbirana ulemu umenewu. Yoyamba ili pa tsamba 580, ndipo ndiyo imene aliyense amaloweza. Atkin akutenga funso limene wodziwa malamulo anafunsa Yesu, lija linabala fanizo la Msamariya wachifundo, n'kuliyankha monga loya. Akuti lamulo silingakakamize munthu kukonda mnzake, koma lingamuletse kumuvulaza, ndipo mnzako pa malamulo ndi aliyense amene zochita zako zimamukhudza pafupi kwambiri moti unayenera kumuganizira pozichita. Ndimeyi ndi yokoma, ndi yotakata, ndipo simutchulamo botolo kapena fakitale.

Yachiwiri ndi ija ya pa tsamba 599. Ilibe kukoma kulikonse. Ili ndi zinthu zinayi zolumikizana: pali wopanga katundu, akufuna kuti katunduyo afike kwa womugwiritsa ntchito ali momwe anachokera kufakitale, palibe mpata weniweni woti wina pakati apa amuyang'ane, ndipo wopangayo akudziwa kuti akapanda kusamala wina avulala kapena chuma chake chiwonongeka. Zinayi zikakwana, pali udindo wosamala.

Nanga reshiyo ndi iti? Pali njira ziwiri zakale zoyesera, ndipo ndi bwino kuzigwiritsa ntchito zonse.

Yoyamba inachokera kwa Eugene Wambaugh, mphunzitsi wa malamulo wa ku Amereka. Tengani mfundo imene mukuiganizira, muitembenuze kuti inene zosiyana, kenako mufunse ngati wopambana akanakhalabe yemweyo. Tembenuzani ndime ya pa 599: wopanga katundu wotseka alibe udindo kwa womugwiritsa ntchito. Pamenepo Mayi Donoghue agonja nthawi yomweyo. Ndiye kuti mfundoyi ndi mzati, mukaichotsa denga ligwa. Tsopano yesani ya pa 580. Tinene kuti si aliyense wokhudzidwa ndi zochita zako amene uli naye udindo. Kodi mayiwo agonja? Ayi, chifukwa mfundo yopapatiza ya wopanga katundu ikhoza kuimabe payokha. Njirayi ili ndi chilema chake: ngati jaji wapereka zifukwa ziwiri, chilichonse chokwanira pachokha, mukhoza kutembenuza chimodzi chimodzi chigamulo osasintha, n'kuoneka ngati mlanduwo ulibe reshiyo. Choncho imathandiza kwambiri kudziwa chimene sichili reshiyo kuposa kupeza reshiyoyo.

Yachiwiri anaifotokoza Arthur Goodhart mu 1930. Iye anati musayambire pa mawu okongola a jaji. Yambani ndi kufunsa kuti pa zonse zimene zinachitika, jaji anatenga ziti kukhala zofunika, n'kusiya ziti. Reshiyo ndi zochitika zofunikazo kuphatikiza chigamulo chimene chinamangidwa pa izo. Kuti linali Lamulungu, kuti kunali ku Paisley, kuti wodwalayo anali mayi wosauka, palibe jaji anatsamirapo. Koma botolo lotseka ndi losaonekera m'kati likubwera mobwerezabwereza kwa onse atatu opambana. Thankerton, amene anavomereza mmene Atkin anasanthulira milandu ya ku Mangalande, anamanga chifukwa chakechake pa mfundo yakuti potseka botolo lija Stevenson anadzilumikiza yekha ndi womwa, chifukwa anatsekera kunja aliyense wa pakati. Macmillan naye anatsindika kuti mphamvu ya wopanga pa katunduyo inafika mpaka pakamwa pa womwa, ndipo anati zikanakhala zina ngati katunduyo akanadutsa kwa munthu amene ali ndi mpata womuyang'ana.

Mukaika mawu a atatuwa pamodzi n'kufunsa pamene onse akukumana, mupeza kuti ndi pa wopanga, katundu wotseka, ndi kusowa kwa mpata woyang'ana. Ine ndili ku mbali ya amene amati imeneyi ndiyo reshiyo, ndipo ndime ya mnzako ija ndi njira imene Atkin anadzera kuti akafikepo. Alipo akatswiri amene amatsutsa, n'kumati popanda ndime ya pa 580 Atkin sakanafika pa 599, choncho ndi mbali ya chifukwa chake. Mkanganowu ndi weniweni, ndipo wophunzira amene waufotokoza bwino amaposa amene waloweza yankho limodzi.

Malire amaika ndi makhoti a m'tsogolo

Ngakhale mutapeza zochitika zofunika, patsala funso la kukula kwake. Kodi chinthu chija tichitchule kuti botolo la jinja, chakumwa, chakudya, kapena katundu aliyense? Kodi nkhono ija ndi nkhono, chonyansa chilichonse, kapena chilema chilichonse chobisika? Loya wa wodandaula amakokera mfundoyo m'lifupi, wa woyankha mlandu amaifinya. Chigamulo choyambacho sichingathetse mkanganowu chokha.

Yankho linabwera patangopita zaka zochepa, kuchokera ku Australia. Mu 1931 dokotala wina wa ku Adelaide, Richard Grant, anagula makabudula am'kati a ubweya. Kufakitale sanatsukuluze bwino mankhwala otsukira ubweyawo, ndipo dokotalayo anadwala nthenda ya pakhungu imene inamugoneka miyezi ingapo. Kampani inadziteteza ndi mfundo ziwiri. Inati mlandu wa nkhono unali wa zinthu zolowa m'mimba, pomwe chovala chimakhala kunja kwa thupi. Inatinso makabudulawo sanali otseka ngati botolo, chifukwa ankafika kusitolo m'mapaketi amene wogulitsa ankatsegula. Mu 1935 majaji a ku London omva maapilo a maiko a pansi pa Britain anakana zonse ziwiri. Anati palibe kusiyana pakati pa chovulaza chomwedwa ndi chovulaza chovalidwa. Anatinso chofunika si chitsekerero, koma kuti chilemacho chinali chobisika ndipo katunduyo anafika kwa wovala ali nacho monga anachokera kufakitale. Grant analandira mapaundi 2,450.

Taonani zimene zachitika. Hedinoti ya 1932, ndi chakudya ndi mankhwala ake, yatsalira m'mbuyo. Ngakhale botolo lotseka, limene tinaliona ngati lofunika kwambiri, lasanduka chitsanzo chabe cha chinthu chachikulupo, chomwe ndi chilema chimene palibe akanachiona.

Ndime ya mnzako nayo inali ndi ulendo wake. Inadikira mpaka 1970, pa mlandu wa anyamata a kundende ya ana amene anathawa usiku owayang'anira atagona, n'kuwononga boti la kampani ya Dorset Yacht. Pamenepo Jaji Reid anati nthawi yakwana yoti mfundo ya Atkin izigwira ntchito paliponse pokhapokha patakhala chifukwa chomveka choikanira. Mawu amene ambiri ankawaona ngati ongodutsa anakhala maziko a lamulo lonse la kusasamala. Pambuyo pake makhoti a ku Britain anaona kuti khomo latseguka kwambiri, ndipo pa mlandu wa Caparo mu 1990 analibwezako pang'ono. N'chifukwa chake manotsi abwino a mlandu amakhala ndi mzere womaliza wonena zimene makhoti ena anachita nawo.

Tiyeni tiyese ndi nkhani yongopeka ya kwathu kuno. Fakitale yatumiza mafuta ophikira m'chigubu cha malita 20. Mwini okala watsegula chigubucho n'kumathira m'timachubu ta pulasitiki togulitsa pa mtengo wochepa. Mayi wina wagula kachubu kamodzi, ndipo banja lonse latsekula m'mimba. Wophunzira amene analoweza ndime ya mnzako yokha anena msanga kuti fakitale ilipire. Amene anagawa reshiyo m'zidutswa zake afunsa kaye. Kodi mafutawo anafika kwa mayiwo ali momwe anachokera kufakitale? Ayi, anadutsa m'fanulo ndi m'manja mwa wa okala. Kodi choipacho chinalowa kuti? Ngati chinali dothi looneka ndi maso, loya wa fakitale anena kuti mlanduwu ndi wosiyana ndi wa Donoghue, ndipo akhala ndi mawu a Macmillan kumbuyo kwake. Koma ngati atapima n'kupeza kuti m'zigubu zina zosatsegula za tsiku lomwelo muli mankhwala osaoneka ndi osanunkha, loya wa mayiwo atenga mlandu wa Grant n'kunena kuti kutsegula chigubu sikunasinthe kanthu. Kumeneku ndiko kugwiritsa ntchito mlandu wakale: kuutsatira pamene zofunika zikufanana, kuusiyanitsa pamene zikusiyana.

Imamanga yani?

Reshiyo simanga aliyense. Imatsika kuchokera pamwamba m'dziko limodzi. Ku Malawi chigamulo cha Khoti la Suprimu chimamanga Khoti Lalikulu ndi makhoti a majisitireti, ndipo cha Khoti Lalikulu chimamanga amajisitireti. Malamulo a ku Mangalande analowa m'dziko muno kudzera mu lamulo la atsamunda la mu 1902, n'chifukwa chake majaji athu amatchulabe mlandu wa Donoghue pa nkhani za kusasamala. Koma woufuna pamaso pa jaji wa ku Blantyre achita bwino kupeza chigamulo cha khoti la konkuno chimene chinautsatira, chifukwa chimenecho ndicho chili ndi mano.

Khoti lapamwamba likhozanso kusiya mfundo yake yakale. Ambiri tikukumbuka pa 3 Febuluwale 2020, pamene majaji asanu anawerenga chigamulo cha mlandu wa chisankho cha pulezidenti kuyambira m'mawa mpaka usiku, dziko lonse lili pa wailesi. Mwa zina, anati malamulo oyendetsera dziko amafuna kuti wopambana apeze mavoti opitirira theka la onse oponyedwa. Mu 2000, pa mlandu wa malemu Gwanda Chakuamba, Khoti la Suprimu linali litanena kuti n'zokwanira kungoposa anzako. Pa 8 Meyi 2020 khoti lomwelo linagwirizana ndi tanthauzo latsopanoli. Wowerenga chigamulo cha 2000 chokha lero akhoza kupeza reshiyo yake molondola, koma n'kukhala atanyamula lamulo lakufa.

Zigamulo zambiri za kuno, monga zimene zimaikidwa pa MalawiLII, zimabwera monga jaji anazisainira, zopanda hedinoti. Ena amadandaula nazo. Ine ndimaona kuti kwa wophunzira ndi mwayi, chifukwa chidulecho amalemba yekha: okangana ndi khoti, funso limene linafunsidwa, zochitika zimene jaji anatsamirapo, amene anapambana ndi majaji angati, kenako reshiyo m'chiganizo chimodzi choyamba ndi "ngati". Chiganizocho chikakana kulembeka, nthawi zambiri ndiye kuti funso lija silinamveke, ndipo m'pofunika kubwerera kumeneko.

M'manotsi anu a mlandu wa Donoghue musalembe kuti khoti linapeza nkhono m'botolo. Nyumba ya Malodi inangobweza mlanduwo ku Scotland kuti mboni zikamvedwe. David Stevenson anamwalira mu Novembala 1932 tsiku la mbonilo lisanafike, ndipo oyang'anira chuma chake chamasiye anagwirizana ndi Mayi Donoghue kunja kwa khoti pa mapaundi 200. Palibe jaji amene anagamulapo ngati nkhonoyo inalimodi.